Loboti ikuyenda modukiza chifukwa cha HC-SR04, thandizani

Tiwonge: Akuluakulu, ndikupangira ana a kalabu ya sayansi ku Chibavi kaloboti kozemba zinthu. Arduino Uno, mamota awiri ndi L298N yowayendetsa, ndi HC-SR04 kutsogolo, sensa yoyeza mtunda poponya mawu n'kumvera akabwerera. Ndinakauza kuti mtunda ukatsika pansi pa masentimita 25 kaime, kakhote. Koma kakumangoima n'kuyendanso ngati kachita chibwibwi, njira ili pululu. Ndakaika pa masentimita 40 kuchokera pa katoni, mamota akuzungulira m'mwamba, Serial Monitor yandipatsa izi: 41, 40, 0, 14, 40, 39, 0, 41. Mu `loop()` muli `pulseIn(echo, HIGH)` ndi `delay(10)`.

Chikondi: Asisi, tengani avereji basi. Phatikizani manambala asanu, gawani ndi 5, aziyenda mosalala. Ine ndimatero pa sensa yoyeza madzi mu thanki ku Luwinga ndipo sindinadandaulepo.

A Gondwe: A Chikondi, pa thanki zimatheka chifukwa madzi sathamanga, ndiponso manambala anu amangosiyana ndi sentimita imodzi kapena ziwiri. A Tiwonge vuto lawo ndi lina, pakulowerera manambala abodza otalikirana kwambiri ndi enieni. Tiyeni tiwerengere omwe atumizawo. Asanu oyamba ndi 41, 40, 0, 14, 40, avereji yake 27. Katoni ili pa 40 koma tatsala pang'ono kuima. Tisunthe pang'ono titenge 0, 14, 40, 39, 0, avereji 18.6, loboti yaima popanda chifukwa. Avereji bodzalo silitaya, imangolimwaza m'manambala onse asanu.

Mediyani imachita zina. Mumasanja manambala asanuwo kuyambira wamng'ono, n'kutenga wapakati. Oyamba aja akasanjidwa ndi 0, 14, 40, 40, 41, wapakati ndi 40. Abodza awiri apita kumphepete, sanakhudze yankho.

```cpp
int m[5]; byte p = 0;
int median5(int x) {
  m[p] = x; p = (p + 1) % 5;
  int k[5]; memcpy(k, m, sizeof k);
  for (byte a = 1; a < 5; a++)
    for (byte b = a; b > 0 && k[b] < k[b-1]; b--) {
      int t = k[b]; k[b] = k[b-1]; k[b-1] = t;
    }
  return k[2];
}
```

Nambala yatsopano ikabwera imalowa m'malo mwa yakale kwambiri, ndiye yankho mumalipeza pa muyeso uliwonse, osadikira isanu yatsopano. Kusanja kuchitikire mu `k`, musasanje `m`, mungasokoneze dongosolo la amene anabwera poyamba.

Tiwonge: Zikomo bambo. Ndaika, kasintha ndithu, koma kakuimabe mwa apo ndi apo.

NyaKaunda: Sindikudabwa. A Gondwe, gulu lachiwiri lija simunalisanje. 0, 0, 14, 39, 40. Wapakati ndi 14.

A Gondwe: Mwaona bwino mayi. Sefa ya asanu imapirira abodza awiri mbali imodzi, wachitatu akabwera yagonja. Koma apa 0 sayenera kukhala mbali imeneyo n'komwe. `pulseIn` ikabweza 0 sikutanthauza kuti chinthu chagunda mphuno ya loboti, ikunena kuti nthawi yatha isanamve kalikonse. Ndiye musanalowetse mu sefa:

```cpp
unsigned long t = pulseIn(echo, HIGH, 25000);
int cm = (t == 0) ? 400 : t / 58;
```

Kugawa ndi 58 kukusandutsa nthawi yomwe mawu atenga kukhala masentimita. Gulu lomwe lija likhala 14, 39, 40, 400, 400, wapakati 40. Tsopano abodza agawikana, ena kumunsi ena kumtunda, sakuthandizananso. Nayo 25000 ndi yofunika. Mukapanda kuilemba, `pulseIn` imadikira mpaka sekondi yathunthu, mamota akuyenda loboti isakuona kanthu. Mamayikulosekondi 25000 akukwanira masentimita 400, omwe ndi malire a sensayi.

Madalitso: Kodi si kuzizira? Mawu amayenda pang'onopang'ono kukazizira, ndipo m'mawa wa Julaye kuno mukuudziwa. Mwina 58 ija ndi ya kotentha.

A Gondwe: Zoti kuzizira kumachepetsa liwiro la mawu n'zoona, achimwene. Pa madigiri 10 ndi pafupifupi mamita 337 pa sekondi, pa madigiri 30 ndi 349. Pa masentimita 25 kusiyanako sikukwana ngakhale sentimita imodzi, ndipo kumasuntha manambala onse pamodzi. Sikungasandutse 40 kukhala 14 kamodzi n'kubwereranso.

Amene ndikumukayikira pa 14 uja ndi `delay(10)`. Sensa ikaponya mawu, katoni ya pa 40 imawabweza pakatha mamilisekondi 2.3, muyeso watha. Koma ena adutsa pambali, akupita kukhoma. Tinene kuti khomalo lili pa mamita 2.3, kupita ndi kubwera ndi mamilisekondi 13.4. Inu mwaponyanso kachiwiri pa 12.3 kapena kupitirirako pang'ono. Mawu akale aja akufika patangotha milisekondi imodzi, sensa n'kuwatenga ngati atsopano, n'kunena kuti pali chinthu pansi pa masentimita 20. Choipa chake, loboti ikakhala pamalo pamene izi zikuchitika, bodza limabwera motsatizana, ndipo mediyani singalichotse. N'chifukwa chake pepala la opanga limati pakati pa miyeso papite mamilisekondi oposa 60. Kuti mutsimikize, tulukani nako panja pomwe palibe khoma. 14 akasowa, ndi zimenezi. Akakhalapobe, zimitsani mamota muonenso. Akasowa apo, ndi phokoso la magetsi, ikani kapasita ya 100 nF pa mota iliyonse ndipo Arduino ikhale ndi batire yakeyake, GND yokha ilumikizane.

Chikondi: Nanga bwanji osangoika manambala 15 m'malo mwa 5, bodza lithere pomwepo?

NyaKaunda: Kadzagunda mwendo wa mwana. Chinthu chikatulukira mwadzidzidzi, mediyani imachikhulupirira pokhapokha manambala atsopano apose theka. Pa 5 ndi atatu, mamilisekondi mpaka 180. Ngati kakuyenda masentimita 30 pa sekondi, kayenda kale asanu ndi kanthu kasanadziwe. Pa 15 ndi miyeso 8, pafupifupi theka la sekondi, masentimita 14 apita, musanawerengere kutsetsereka kwa matayala pa simenti. Ine ndimakhala pa 5, pena pa 3 ngati sensa ili yoyera.

Chinanso a Tiwonge, `m` imayamba ndi maziro okhaokha, ndiye mukangoyatsa kaganiza kuti katsekeredwa. Yezani kasanu mu `setup()` mamota asanayambe.

Tiwonge: Ndasintha nthawi yodikira kukhala mamilisekondi 60 ndi `millis()`, 0 ndamusandutsa 400. Pa katoni 14 sakuonekanso. Kakuyenda bwino pakati pa chipinda, koma kakafika pafupi ndi khoma kakunjenjemerabe. Mediyani ikuonetsa 26, 24, 25, 26, 24.

A Gondwe: Amenewo si abodza, ndi kugwedezeka kwachibadwa kwa sensa pamalire omwe munaika. Sefa singathandize pamenepo. Ikani malire awiri: kaime pa 25, koma kasayambenso kupita kutsogolo mpaka mtunda upose 35. Pakati pa awiriwo kazipitiriza zomwe kanali kuchita.

NyaKaunda: Pa za 400 ine sindikugwirizana nanu kwenikweni, bambo. Khoma likakhala chopendekera mawu amathawira kumbali, nsalu ya katani ndi sofa zimawameza. Zonsezo zimabweretsa 0 wotsatizana, ndipo inu mwauza loboti kuti 0 ndi njira yoyera. Yanga ku Katoto ndimangotaya 0, sindimulowetsa mu sefa, ndipo akabwera kasanu motsatizana imachepetsa liwiro.

A Gondwe: M'chipinda chaching'ono mwalondola. Koma mu holo kapena pabwalo 0 wotsatizana ndiye chizindikiro chenicheni choti kutsogolo kulibe kanthu, yanuyo izingokwawa tsiku lonse. Sensa imodzi siingasiyanitse ziwirizi. Pafunika ina yoyang'ana chapambali, kapena kaswitchi kogunda kutsogolo.

Tiwonge: Anawa akaonetsera mu holo, koma amayeserera m'kalasi modzaza madesiki. Malire awiri aja athetsa kunjenjemera. Za 0 ndiyesa njira zonse ziwiri Loweruka. A NyaKaunda, mukamati kuchepetsa liwiro, mumatsitsa `analogWrite` kufika pa ingati? Mamota angawa akatsika kwambiri amangolira osazungulira.