Intaneti sikufika chipinda chakumbuyo: ndisankhe powerline, mesh kapena waya?

Moni nonse a m'gulu. Ndili ku Kapata, mu Chipata. Rauta ili pabalaza, chipinda chakumbuyo chili pa mamita 25, pakati pali makoma atatu a njerwa zootcha. Pafupi ndi rauta ndimapeza 40 Mbps, kumbuyoko 3 yokha.

Ripita ndinayesa, liwiro linatsika ndi theka. Ndinabwerekanso ma powerline a AV600, timabokosi todutsitsa intaneti m'mawaya a magetsi a m'nyumba, ndinawalumikiza pakhoma penipeni osati pa ekisitenshoni, koma akungopereka 12 Mbps ndipo amaduka firiji ikayaka. Chipindacho chinamangidwa pambuyo pake ndipo chili ndi bokosi lake la mabureka, ndiye ndikuganiza kuti chizindikiro chikufookera pamenepo. Chinanso, magetsi akapita rauta imayendera batire koma powerline imazimiratu.

Mtima wanga uli pa waya wa Cat6, poti umanyamula 1 Gbps mpaka mamita 100. Kodi ndiudutse kudenga pansi pa malata, kapena panja mu paipi? Nanga wa kopa weniweni ndingausiyanitse bwanji ndi wa CCA, uja wa aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa, pogula? Amene muli ndi mesh m'nyumba za njerwa, kodi mabokosi awiri amagwirana bwino popanda waya pakati pawo? Chonde ndithandizeni ndisanaononge ndalama.