Thandizeni mafunso okafunsa aphunzitsi pa nkhani ya atsikana osiya sukulu

Wofunsa: Abale anga a pa gulu pano, ndili pa sukulu kuno ku Joni ndipo kafukufuku wanga ndikapangira kumudzi ku Machinga, kucheza ndi aphunzitsi a pulayimale mmodzimmodzi za chomwe atsikana amasiyira sukulu asanafike Sitandade 8. Vuto langa ndi ili, amene ndayesa nawo pa foni ndikangofunsa kuti n'chifukwa chiyani atsikana amasiya sukulu onse akuti mimba, maukwati ndi umphawi, basi nkhani yathera pomwepo. Ndifunse bwanji kuti andiuze zenizeni? Komanso ya aphunzitsi opanga zibwenzi ndi ana asukulu ndiyiike kapena ndiyisiye? Ndikufuna ndipite mu Disembala.

Bambo wa ku Rosettenville: Achemwali mwayankhidwa kale, ndi umphawi basi. Mwana wanga wamkazi anasiya ali Fomu 2 chifukwa cha fizi, n'chifukwa chake ndili kuno.

Wofunsa: Pepani bambo, koma ine ndi za pulayimale komwe fizi inachotsedwa mu 1994, ndiye ndikufuna kudziwa kuti umphawiwo ukulowera pati.

Mphunzitsi wakale, Turffontein: Mwana wanga, ine ndagwira choko zaka zambiri ndisanabwere kuno. Funso lanulo aphunzitsi analiloweza ku mawekishopu, sangakuyankheni china. Yambani ndi zopepuka, akhala nthawi yaitali bwanji pasukulupo, akuphunzitsa kalasi yanji. Kenako munene kuti, "Taganizirani mtsikana womaliza amene anasiya m'kalasi mwanu, musanditchulire dzina, munayamba kuona chiyani?" Apa ndi pomwe muzikhalitsa. Anali ndi zaka zingati, anabwereza kalasi iti, anayamba kujomba temu yanji, masiku ake ati, a msika kapena nthawi yolima, ankakhala ndi ndani pakhomo, ndipo atajomba ndani anapita kwawo.

Ndikupatseni chitsanzo cha zomwe mudzamve. Mtsikana wa zaka 15 ali Sitandade 6, anayamba sukulu mochedwa, anabwereza Sitandade 5 pomwe maphunziro amasinthira ku Chingerezi, anzake m'kalasi ndi tiana ndiye akumuseka. Temu yachiwiri njala yafika, akujomba kupita ku ganyu, mayeso osalemba, mimba ikubwera atakhala kale pakhomo miyezi ingapo. Mu rejisitala alemba kuti mimba. Mukangofunsa chifukwa mulemba mimba nanunso, koma mukafunsa kuti chinayamba n'chiyani mupeza kuti sukulu inamutaya kalekale. Ndiye funso loti "izi zisanachitike ankabwera masiku onse?" lisasowe. Mumufunsenso kuti zimenezi anaziona yekha kapena anangomva, chifukwa aphunzitsi ambiri si a m'mudzimo.

Za Disembala, masukulu amatseka Khisimisi isanafike, mukapeza zitseko zokha. Ndipo musanalowe pasukulu dzerani ndi kalata kwa a DEM, akulu a maphunziro m'boma lanulo, ndi kwa a PEA, alangizi a masukulu a pulayimale m'deralo, apo ayi ahedi sakulandirani.

Mlongo wa ku Yeoville: Mufunsenso ngati akudziwa kuti lamulo limaletsa wobereka kubwerera ku sukulu, ambiri amathera pamenepo.

Mphunzitsi wakale, Turffontein: Ayi asisi, boma linalola kuyambira 1993 kuti akabereka abwerere. Koma mwakhudza penipeni, ambiri sabwereradi. Osafunsa kuti mukuidziwa ndondomekoyi, aliyense avomera. Funsani kuti womaliza kubwerera pasukulu pano anabwera liti, anatha temu, mwana ankamusiyira ndani, a maza gulupu, amayi a m'mudzi othandiza atsikana pasukulu, anachitapo chiyani.

Mnyamata wa ku Hillbrow: Ya zibwenziyo ichotseni sisi, palibe mphunzitsi angaulule mnzake, mungodanitsa anthu.

Mayi wa ku Berea: Isachoke!! Mwana wa mchemwali wanga zinamuchitikira, mphunzitsiyo anangomusamutsa, mwana ali pakhomo mpaka lero. Mukaichotsa ndiye kuti mlandu wonse mwausenzetsa makolo.

Mphunzitsi wakale, Turffontein: Iikeni chakumapeto atamasuka, ndipo isaloze munthu. Mwina motere, "Mtsikana akadandaula za mphunzitsi, pasukulu pano nkhaniyo imayenda bwanji, imathera kwa ndani?" Pamodzi ndi za zimbudzi, kumwezi ndi zilango, chifukwa zapasukulu aphunzitsi sazitchula okha. Musachezere mu ofesi ya ahedi, ndipo aphunzitsi aakazi muwapeze paokha.

Wofunsa: Zikomo amayi, ndalemba zonse, ulendo ndiusunthira ku Januwale. Koma chandiopsa ndi ichi, ndikawalonjeza chinsinsi kenako wina n'kundiuza za mwana amene akuchitidwa zimenezi panopa, ndingangokhala chete?

Mayi wa ku Berea: Mwana ndi mwana, mukanene kwa oona za chitetezo cha ana.

Mnyamata wa ku Hillbrow: Ndiye muwauziretu poyamba kuti chinsinsicho chili ndi malire, komatu mukatero ndani alankhule?