Bwana akuti anawina tenda ya boma, ndingatsimikize bwanji?

Yamie: Akuluakulu thandizeni. Tikupaka pulasitala pa kiliniki ina kuno ku Limpopo, ku South Africa, mwezi wachiwiri uno malipiro zii. Bwana akuti kampani yake inawina tenda koma boma silinamulipire. Pali poti ndingaone ngati anawinadi? Landilodi wandipatsa mpaka Lachisanu.

Bambo a Tadala: Pita ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, mphwanga, usachedwe. Wanga wa chaka chatha ankayimba nyimbo yomweyo, mapeto ake anasintha nambala ya foni.

Yamie: Kumeneko ndipita, koma ndikufuna ndidziwe kaye ngati akunama.

Jah Man: Tenda anawina, koma inapita ku galimoto yatsopano kkkk

Achemwali Eliza: Yamie, tsegula etenders.gov.za, ndi ya National Treasury, kuona n'kwaulere. Matenda anawagawa pamenepo, ena akulengezedwa kumene, ena anatsekedwa, ena anathetsedwa. Iwe ulowe polembedwa Awarded. Koma usayambe ndi dzina lomwe lili pa bhaki ya bwana. Makampani ambiri ali ndi dzina lochitira malonda ndi lina lomwe analembetsa ku CIPC, kolembetsera makampani, lothera ndi (Pty) Ltd. Boma limalemba lolembetsalo. Yang'ana pa pepala la malipiro kapena pa kontirakiti yako.

Madala Phiri: Inu musamunamize mwana. Ukangolowa pa mawebusayiti a boma nambala yako imapita ku Home Affairs. Mnyamata wina anamugwira choncho.

Achemwali Eliza: Madala, safunsa dzina ngakhale pasipoti pamenepo. Ine ndimalowapo sabata iliyonse, abwana anga amandituma kusaka ntchito zoyeretsa.

Madala Phiri: Ndinabwera kuno inu muli ku pulayimale. Komanso obwera kumenenu mumayamba ntchito opanda pepala lililonse, kenako kudzalira pagulu.

Yamie: Pepala la malipiro satipatsa, amangotipatsira pamanja. Ndalemba dzina lomwe ndikulidziwa, palibe chatuluka. Ndiye kuti ndi wabodza eti?

Achemwali Eliza: Usathamange. Si madipatimenti onse amene amaika zotsatira pamenepo, ena amachedwa, ndipo makhonsolo ambiri amaika pa webusayiti yawoyawo. Pita pageti, pali chikwangwani chachikulu chija cha ntchito. Pamalembedwa mwini ntchito, kontirakita wamkulu, nthawi zambiri ndi nambala ya kontirakiti. Jambula. Nambalayo ndiyo usakire, chifukwa dzina limalembedwa mosiyanasiyana koma nambala sisintha.

Gift wa Matailosi: Ine ndinampeza bwana wanga pa pepala la khonsolo, dzina lake ndi mtengo womwe. Ndiye njirayi imagwira.

Achemwali Eliza: Panali maina angati?

Gift wa Matailosi: Ambirimbiri, lake linali pakati.

Achemwali Eliza: Ameneyo ndi mndandanda wa onse amene anapikisana, amautulutsa tsiku lotsegula mabokosi a tenda. Wowina amalengezedwa pambuyo pake, payekha. Mabwana ena amaonetsa dala pepala limenelo kwa antchito.

Jah Man: Gift wakhala akugwirira ntchito munthu woluza kkkkk

Mai a Favour: Abale ine nkhani za malipirozi zimandidwalitsa. Dzulo mwana wanga pafoni akuti amama mubwera liti, ndinangoti posachedwa. Chaka chino mvula yoyamba indipezanso kuno.

Bambo a Tadala: Limbani mtima mayi. Paja alipo akupita kumudzi mwezi uno? Ndili ndi kakatundu.

Yamie: Ndajambula chikwangwani. Mwini ntchito ndi dipatimenti ya chigawo. Pa kontirakita alembapo makampani awiri, kumapeto JV. La bwana wanga palibe. Ndasakira nambala ija, yatuluka pa Awarded ndi maina awiri omwewo.

Achemwali Eliza: Ndiye nkhani yako ndi imeneyo. Awiriwo anagwirizana n'kuwina limodzi, bwana wako anangopatsidwako gawo la pulasitala. Otere nthawi zambiri satuluka m'zolemba za boma. Ndalama zake sizichokera ku boma, zimachokera kwa awiriwo. Akamati boma silinandilipire, mwina akutanthauza kuti iwowo sanalandire, mwinanso analandira kalekale. Tsambalo limangokuuza amene anawina, za kulipira silinena.

Bambo a Tadala: Lamulo limati boma lizilipira pasanathe masiku 30 chilandirireni invoisi. Ndiye miyezi iwiri ndi bodza basi.

Achemwali Eliza: Lamulolo lilipodi, koma kuchedwa kumachitika kwambiri. Yamie, funsa anyamata a kontirakita wamkulu pa saitipo ngati iwo akulandira. Akakhala kuti akulandira, vuto lili pa bwana wako.

Madala Phiri: Ukafunsa akuchotsa ntchito. Ine ndanena.

Yamie: Ntchito yake yosalipirayi? Mawa ndikamufunsa fomani wawo nthawi yopuma.

Jah Man: Ukamufunsenso ngati akufuna wopenta, ndili ndi rola yangayanga.