Mphaka wasiya sofa

Ndinafunsa kuti: "Mphaka wanga wandithera sofa ndi zikhadabo, nditani?"

Zikomo nonse munandiyankha. Ndinkayesa mwano, koma akamakanda amasenda chikamba chakale cha zikhadabo, amadziwongola, komanso amasiya fungo lake lochokera kumapazi. N'chifukwa chake kumukalipira sikunkathandiza.

Mtengo woyamba umene ndinamuikira kuti azikandapo m'malo mwa sofa anaukana: unali waufupi komanso wogwedera. Wachiwiri ndinaukhomera pathabwa lolemera, wotalika masentimita 80, n'kuukulunga zolimba ndi chingwe cha khonje. Ndinauimika pambali penipeni pa ngodya imene ankakanda, ngodyayo n'kuiphimba ndi pulasitiki. Akangokanda mtengowo, ndimamupatsa kausipa kamodzi pompo.

Tsopano akadzuka amathamangira pomwepo. Pulasitiki sindinachotsebe, sindikumukhulupirira kwenikweni.