Za tsiku lobadwa la mwana wanga mufailo ya kusukulu

Paja ndinafunsa kuti: "Kusukulu akukana kundionetsa failo ya mwana wanga, nditani?"

Zatheka abale. Pakamwa pokha amangoti bwerani mawa, ndiye ndinalemba kalata kwa ahedi, ina ndinasunga atadindapo sitampa. Patatha sabata anandiitana, anandionetsa pepala la mwana wanga lokha, mayina a anzake anaphimba ndi kope, poti za ana a eni sizanga. Kuona, analemba 2011 mmalo mwa 2012, dzina lomwe chilembo chimodzi chasowa! Ndinapititsa setifiketi ya kubadwa ya ku NRB, fotokope yake ndinapangitsa pa Kamuzu Road pomwepa, akonza muregisita nkusainira pambali. Chomwe chimandithamangitsa nchoti akonze asanatumize mayina ku MANEB, poti zikalowa pa setifiketi ya mayeso kusintha kwake nkovuta. Lolemba ndikaonanso fomu ya mayesoyo.