Adimini watsopano pa gulu la kuntchito: mauthenga akale ndingawaone?

Chisomo: Akuluakulu, ndithandizeni. Andilowetsa pa gulu la WhatsApp la kuntchito pa 3 Malichi n'kundipatsa uadimini tsiku lomwelo. Pali mkangano wa ndandanda ya mashifiti yomwe woyang'anira wakale anatumiza pa 12 Febuluwale. Wantchito wina akuti sanaione, ndipo mabwana akufuna kuti ine nditsimikize poti ndine adimini. Koma kwa ine gulu likuyambira pa 3 Malichi. Ndidine pati?

Bambo Phiri: Palibe podina, achemwali. Pa WhatsApp uadimini umakupatsani mphamvu yolowetsa ndi kutulutsa anthu, kusintha malamulo a gulu, ndi kufufuta uthenga wa munthu wina ukadali watsopano. Sukupatsani maso oposa a membala wamba. Mauthenga amatsekedwa pa foni ya wotumiza n'kukatsekuka pa mafoni a omwe anali m'gulu nthawi imeneyo. Pa 12 Febuluwale foni yanu sinali m'gulu, ndiye sinalandire kanthu, ndipo palibe nkhokwe ya gulu yomwe adimini angakatapemo. Uthengawo uli m'mafoni a anzanuwo basi.

Madalitso: Tulukani m'gulumo akulowetseninso, kapena mubwezeretse bakapu ya pa Google Drive. Bakapu imabweza zakale zonse.

Bambo Phiri: Imabweza zakale, inde, koma zomwe zinafikapo pa foni ya mwini wake zokha. Bakapu ya a Chisomo mulibe za Febuluwale. Kutuluka n'kulowanso ndiye musayese, mungotaya uadimini ndi mauthenga otumizidwa muli kunja.

Mayi Nyirenda: Njira ndi iyi. Pezani anthu awiri omwe anali m'gulu chisanafike pa 12 Febuluwale ndipo sanasinthe foni. Aliyense atsegule gulu, pa Android adine timadontho titatu, kenako More, Export chat, n'kusankha Without media. Mutuluka fayilo ya .txt yokhala ndi deti, nthawi ndi wotumiza pa mzere uliwonse. Imatenga mauthenga aposachedwa mpaka 40,000, koma mukaphatikiza zithunzi malire amatsika kufika 10,000. Ngati ndandandayo inali chithunzi kapena PDF, mufayilo mungoona `<Media omitted>`, ndiye chithunzicho akutumizireni padera.

Ndati anthu awiri chifukwa fayilo ya .txt aliyense atha kuisintha asanakupatseni. Mafayilo awiri ochokera ku mafoni awiri akagwirizana, mabwana sangakayike, makamaka mukaonanso uthengawo ndi maso pa foni imodzi. Mukapeza kuti fayilo ina yadumpha masabata, nthawi zambiri mwini wake anadinapo Clear chat kapena anasintha foni popanda bakapu.

Koma yambani mwaona mu Group info ngati Disappearing messages ndi yoyatsa. Nthawi zake ndi maola 24, masiku 7 kapena masiku 90. Ngati inali pa masiku 7 ndipo palibe anadina Keep, uthenga wa pa 12 unazimiririka pa mafoni onse pofika pa 19, ndipo chotsala mwina ndi kachidutswa kooneka pamwamba pa yankho la munthu amene anauyankha mwachindunji. Komanso ngati Advanced chat privacy ndi yoyatsa, Export chat ikana.

Yohane: Ife timaona zofufutidwa bwinobwino. Pitani pa Recent Actions.

Mayi Nyirenda: Zimenezo ndi za Telegram, achimwene, ndipo ngakhale kumeneko adimini amaona za maola 48 apitawa okha. Pa WhatsApp uthenga wofufutidwa ndi Delete for everyone umasiya chizindikiro chokha. Mawu ake adimini sawaona.

Chisomo: Zikomo. Disappearing messages ndi yozimitsa, ndipo awiri avomera kutulutsa fayilo. Koma izi zingosonyeza kuti ndandanda inatumizidwa. Nanga zoti munthuyo anaiona?

Bambo Phiri: Apo ndiye pavuta. Mndandanda wa omwe uthenga unawafikira ndi omwe anautsegula uli pa Info, ndipo Info imaoneka kwa wotumiza yekha. Adimini alibe, mufayilo ija mulibenso. Ngati woyang'anira wakaleyo sanafufute gululo pa foni yake, mauthenga akale akadalipo ngakhale anatuluka. Asindikize chala pa uthengawo, asankhe Info, ajambule sikirini. M'magulu chizindikiro choti munthu wawerenga chimapita ndithu ngakhale iye atazimitsa Read receipts.

Mayi Nyirenda: Pamenepo ine sindingaweruzirepo munthu. Read by imangotanthauza kuti uthenga unaoneka pa sikirini gulu litatsegulidwa. Munthu wobwera ku shifiti yausiku n'kupeza mauthenga 80 atha kuwadutsa onse osatsitsa PDF.

Bambo Phiri: Komabe zimagwetsa mawu oti sunandifike.

Chisomo: Vuto n'lakuti woyang'anirayo anasiya ntchito, ndipo foni ndi yakeyake, si ya kampani.

Mayi Nyirenda: Ndiye mungopempha mwaulemu, simungamukakamize. Akakana, lembani kwa mabwana zomwe mafayilo awiriwo akusonyeza, deti, nthawi ndi wotumiza, ndipo munene poyera kuti za kuwerenga uadimini wanu sufikako.