Nkhope yanga ikusowa pa sitika, ndikulakwitsa pati?

Nabanda: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikupanga masitika 12 a WhatsApp ochokera pa nkhope yanga, oti ndizionetsa makasitomala ngati chitsanzo. Ndinatenga chithunzi, n'kuchilowetsa mu Inkscape, n'kuchita Trace Bitmap ya mitundu 8. Pa kompyuta ikuoneka bwino, koma pa foni ya sikirini yakuda tsitsi likusowa, nsidze sizikuoneka, kwangotsala maso ndi mano. Yoseka ndi yokwiya zikufanana. Komanso atatu akukanidwa, akuti fayilo yakula.

Achisale: Chemwali, ingowalitsani khungu. Kwezani kuwala kwake kawiri kapena katatu, mzere wakuda uyamba kuoneka. Makatuni ambiri amatero.

Aphiri: Achisale mwaona pamene pali vuto, koma mankhwalawo ayi. Mukamuyeretsa munthu khungu salinso iyeyo, ndipo kasitomala adzakufunsani kuti mwamudzoza chiyani. Mayi Nabanda, vuto layambira pa Trace Bitmap. Chidacho sichidziwa kuti iyi ndi nsidze, iyi ndi mphuno. Chimangotsata pamene pawala ndi pamene pada. Pa khungu lakuda, nsidze ndi mthunzi wa pachipumi zimayandikana mtundu, ndiye chimaziphatikiza kukhala chigamba chimodzi. Komatu nsidzezo n'zimene zimasiyanitsa kukwiya ndi kuseka.

Ikani chithunzicho pa leya ya pansi, muchizimiritse kufika pa 40%, muchikhome. Pamwamba jambulani nokha ndi Pen. Musalondole khwinya lililonse. Sankhani zinthu zitatu zimene anthu amakudziwirani, kaya ndi kampata ka pakati pa mano, magalasi, kapena mmene tsitsi limayambira pachipumi, muzikulitse pang'ono. Zotsalazo zifewetseni. Mphuno mzere umodzi wokhota wakwana.

Nabanda: Kampata ka mano ndili nako ndithu. Nanga khungu ndilipatse mitundu ingati?

Aphiri: Itatu, yosasakaniza. Tengani mtundu weniweni pa tsaya, pa chithunzi chojambulidwa panja pamthunzi, osati cha usiku chowalitsidwa ndi foni. Tiyerekeze kuti watuluka #6B4029. Mthunzi wa pansi pa chibwano ndi m'mbali mwa mphuno ukhale #4A2A1A, powala pa chipumi ndi pamwamba pa masaya #93603F, mzere #1A0F0A. Chinsinsi chili pa mtundu wowalawo: uikeni pamwamba penipeni pa nsidze ndi pa chikope, kuti nsidze yakudayo igone pakati pa malo awiri owala. Khungu lonse latsala mmene lilili, koma nsidze yaoneka. Kuti mutsimikize, chotsani mitundu yonse chithunzicho chikhale chotuwa. Nsidze ikasowa pamenepo, pa foni isowanso.

Mzere usachepere mapikiseli 8 pa chinsalu cha 512x512, nsidze 14 kapena kuposa. Pocheza sitika imaoneka yaing'ono, mzere wa mapikiseli 2 umasungunuka. Mutu udzaze pafupifupi magawo awiri mwa atatu a malowo, mapewa angosuzumira.

Angozo: Ine masitika ndimasindikiza tsiku ndi tsiku. Ngati akuda kwambiri, onani ngati fayilo ili mu CMYK, ndipo siyani mamilimita 3 m'mphepete kuti mpeni podula usadye khutu. Pepala mukugwiritsa lonyezimira kapena wamba?

Nabanda: Pepani bambo Angozo, awa si omata pa galimoto, ndi otumizirana pa foni. Satuluka mu RGB.

Angozo: Ooh, ndamva molakwika. Komabe mkombero woyera umene timasiya podula uja ndi umene ukusowa pa tsitsi lanulo.

Nachisale: Apo bambo Angozo alasa. Kumbuyo kwa WhatsApp yakuda mtundu wake ndi pafupifupi #0B141A, ndiye tsitsi lakuda lilowereramo basi. Malangizo a WhatsApp eniake amati sitika izunguliridwe ndi mzere woyera wa mapikiseli 8, ndipo pakhale mpata wa mapikiseli 16 kufika m'mphepete. Mu Inkscape chitani chonchi. Sankhani zonse, Ctrl+D. Zokoperazo muzimasule m'magulu, kenako Path > Stroke to Path, mumasulenso ngati zabwerera m'magulu, ndiye Path > Union. Chatuluka ndi chithunzithunzi chimodzi cha mutu wonse. Chipakeni #FFFFFF mkati ndi mzere womwe, n'kuchitsitsa pansi pa zonse.

Pamene ambiri amagwa ndi apa: mzerewo aupatsa 8, n'kumadabwa kuti wawonda. Mzere umakhala pakati pa malire, theka mkati theka kunja, ndipo theka la mkatilo labisika kuseri kwa mutu. Lembani 16 kuti kunja kuoneke 8. Join ikhale yozungulira, apo ayi nsonga za malukidwe a tsitsi zituluka ngati minga.

Achisale: Za kukula kwa fayilo n'zosavuta, mu cwebp, chida chosandutsira PNG kukhala fayilo ya WebP ya sitika, tsitsani `-q` kufika pa 50.

Nachisale: Ilowa inde, koma muone m'mbali mwa mizere, mupeza timadontho ngati utsi, makamaka pozungulira maso. Malire ndi 100 KB pa sitika yosayenda. Katuni ya mitundu yosasakaniza kawirikawiri safika pamenepo ngakhale osaifinya motaya kanthu:

```
cwebp -lossless nkhope01.png -o nkhope01.webp
```

Ikapitirirabe, muli chinachake cholemera. Chemwali, atatu akukanidwawo muli chiyani chimene mwa enawo mulibe?

Nabanda: Ndavala duku la chitenje, ndipo nsaluyo ndinaidula pa chithunzi chenicheni.

Nachisale: Ndi imeneyo. Ulusi uliwonse ukuwerengedwa. Jambulani dukulo ndi mitundu iwiri ndi maluwa akuluakulu anayi kapena asanu, aang'ono saoneka n'komwe. Ngati nsalu yeniyeniyo simukufuna kuisiya, uzani cwebp kukula kumene mukufuna, podziwa kuti mizere ifooka pang'ono:

```
cwebp -size 95000 nkhope07.png -o nkhope07.webp
```

Musaiwale kachithunzi ka paketi, 96x96, kosapitirira 50 KB. Paketi imalola masitika kuyambira 3 mpaka 30.

Aphiri: Pa 12 amenewo musajambule mutu ka 12, wachisanu adzaoneka ngati mchemwali wanu. Mutu, tsitsi ndi makutu zikhale leya imodzi yokhoma. Muzisintha nsidze, maso ndi pakamwa pokha. Pokwiya, nsonga za mkati za nsidze zitsikire ku mphuno. Podandaula zikwere. Poseka kwambiri maso atsekeke ngati uta, masaya akwere, ndipo apa pokha tsegulani leya ya mutu mutsitse chibwano ndi mapikiseli 15 kapena 20, chifukwa pakamwa potseguka pa chibwano chosasuntha pamaoneka ngati pomata.

Nabanda: Omwewa ndingangowachepetsa kukhala maimoji a Telegram?

Nachisale: Telegram imafuna 100x100, mumatumiza kwa @Stickers ndi /newemojipack. Koma kungochepetsa sikuthandiza. Mzere wa 8 uja utsala pansi pa mapikiseli 2, ndipo imoji imaoneka yaing'ono ngati chilembo. Chotsani mapewa ndi mawu onse, nkhope idzaze bokosi, nsidze ndi pakamwa zinenepe kawiri. Mkombero woyera ine pa imoji ndimauchotsa, umadya malo a nkhope.

Aphiri: Apo sindikuvomera. Mukauchotsa, tsitsi lisowanso pa sikirini yakuda, tabwerera pomwe tinayambira. Usiyeni wa mapikiseli 3.

Nachisale: Pa sikirini kamzere ka 3 kameneko sikaoneka bwino, kamangochita mbuu. Bola kuwalitsa m'mphepete mwa tsitsi ndi mtundu wotuwirako.

Achisale: Ine ndikuonabe kuti pa imoji pokha khungu liyenera kukwera pang'ono. Pa kukula kumeneko mitundu itatu ija imasanduka umodzi.

Nabanda: Ndipanga yokwiya ija m'njira zitatu: ya mkombero, ya tsitsi lowala m'mphepete, ndi ya Achisale. Ndizitumiza pa foni yanga ndi pa kafoni kotchipa ka sikirini yofooka, ndione nsidze ikutsala pa iti. Bambo Phiri, chibwano chija ndichitsitse pa yodabwa yomwe, kapena pa yoseka yokha?